Za chithunzi cha nyumba yanu ndi mapulani ake

Okondedwa Bambo ndi Mayi Banda,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi ana. Uthenga wanu wa Lachiwiri ndaulandira, ndipo ndakondwa kumva kuti chithunzi cha nyumba chija chakusangalatsani mpaka mwachimata pakhoma. Mawu anu akuti "ikhale ndendende chonchi" ndi amene andichititsa kulemba kalatayi. Ndaona kuti ndi bwino tikambirane tsopano, maziko asanakumbidwe, kusiyana ndi kudzayang'anizana modandaula nyumba itafika padenga.

Ndiyambe ndi mmene chithunzicho chinapangidwira. Ndinajambula nyumba yanu pakompyuta ndi miyeso yake yeniyeni, kenako ndinaipereka ku pulogalamu yopanga zithunzi kuti iike utoto, kuwala, mitengo ndi mitambo. Pulogalamuyi inaphunzira poona zithunzi zambirimbiri za nyumba zokongola, ndipo ntchito yake ndi kutulutsa chooneka bwino m'maso. Siyeza kulemera kwa denga, sidziwa dothi la pamalo panu, ndipo ikaona kuti penapake pangakongole itasintha, imangosintha osafunsa munthu. Nditaiuza kuti ibwerezenso, inatulutsa china chosiyana pang'ono ndi choyamba. Tayang'anani mawindo a chipinda cha ana: pachithunzi alipo atatu, koma papulani ndi awiri. Lachitatulo inaonjezera yokha, ndipo ine ndinalakwa posaliona ndisanakutumizireni. Pepani kwambiri.

Nkhani yaikulu ili pakhonde. Pachithunzi denga la khonde latuluka mamita atatu popanda chipilala, lopyapyala ngati thabwa. Ndikudziwa kuti mayi ndi pomwe panawakopa mtima, ndipo inenso ndimapakonda. Koma konkire ndi yolemera kwambiri: yokwana mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu imalemera pafupifupi makilogalamu 2,400. Chinthu cholemera chotero chikatuluka chopanda chochirikiza kunsonga, mphamvu yonse imathera pamene chagwirana ndi khoma, ndipo chikatalika kawiri, mphamvu yofuna kuchipinda pamenepo imachuluka kanayi. Injiniya wawerengera ndipo watipatsa njira ziwiri. Tikhoza kuika zipilala ziwiri zachitsulo kutsogolo, denga n'kukhala lopyapyala monga mukulionera. Apo ayi, tisiye zipilala koma tifupikitse khonde kufika mita imodzi ndi theka, ndipo bimu yake ikhale yonenepa, yooneka ndi maso. Ine ndikadakhala inu ndikadasankha zipilala. Khonde ndi lokhalapo anthu, ndipo la mita imodzi ndi theka, mukaikapo mipando podutsa pasowa.

Chimodzimodzinso ndi zenera lalikulu la pabalaza. Pachithunzi likuoneka ngati galasi limodzi lopanda msoko. Lenileni lidzakhala ndi felemu yogawa magalasiwo patatu, ndipo magawo awiri adzakhala otsegula. Galasi lalikulu chomwecho limafuna kukhala lochindikala kuti lipirire mphepo, ndi lovuta kunyamula, ndipo likasweka mumasintha lonse. Komanso m'chipinda mufunika mpweya.

Za kukula kwa zipinda ndikufuna mundimvetse bwino, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amakhumudwira. Chithunzi cha m'kati chinajambulidwa ngati ndi kamera yoona mbali yaikulu nthawi imodzi, itaima pakona penipeni. Kamera yotere imakankhira makoma kutali. Mipando imene ilimo ndi yochepa thupi ndiponso yowerengeka, pamene inu munandiuza kuti muli ndi sofa ya anthu asanu ndi kabati yaikulu ya mbale. Balaza lanu ndi mamita 5 m'litali ndi mamita 4 m'lifupi, ndipo silidzakula kapena kuchepa. Tsiku limene amisiri adzakhome zikhomo ndi kumanga zingwe, mudzaimirira pakati n'kunena kuti tachepetsa nyumba. Pafupifupi aliyense amatero, chifukwa chipinda chopanda makoma ndi denga chimaoneka chaching'ono poyerekeza ndi bwalo lonse lochizungulira. Musadzatekeseke. Mudzabwere ndi tepi tidzayeze limodzi, ndipo muyezeretu mipando yanu kuti tidzaijambule pansi pomwepo.

Pa utoto, sikirini ya foni imatulutsa kuwala kwake, pamene khoma limangobweza kuwala kumene lalandira. Nchifukwa chake mtundu umodzi womwewo umaoneka mosiyana pafoni ya bambo, pafoni ya mayi ndi papepala lomwe mwamatalo. Pakhoma udzasinthanso m'mawa, masana ndi madzulo. Pachithunzi dzuwa likuomba kumaso kwa nyumba mofiirira ngati madzulo, koma nyumba yanu yayang'ana kum'mawa, choncho madzulo kumasoko kudzakhala mthunzi. Njerwa nazo sizituluka muuvuni zofanana zonse. Zina zimapsa kwambiri n'kuda, zina zimayera, ndipo khoma lenileni limakhala ndi mawanga amene kompyuta inawasalaza. Kwa ine mawanga amenewa ndiwo amapatsa khoma moyo, koma ndikufuna muwaone nokha. Ndidzauza amisiri kuti amange kakhoma koyesera ka mita imodzi, ndi kupaka penti wa mitundu itatu pa pulasitala, kuti mudzasankhe mutaona padzuwa lenileni tisanagule zambiri.

Palinso zinthu zimene chithunzi chinasiya chifukwa sizikongoletsa: mapaipi otsitsa madzi a mvula kuchokera padenga, paipi yotulutsa mpweya wa kuchimbudzi, bokosi la mita ya magetsi, thanki ya madzi. Zonsezi zidzakhalapo. Ndaziika kumbali ndi kuseri momwe ndikanathera, koma paipi imodzi ya madzi a mvula iyenera kutsika kumaso, pakona ya garaja. Malo anunso ndi otsetsereka, pamene pachithunzi ndi osalala ngati bwalo la mpira. Kuchokera kumbuyo kufika kutsogolo nthaka yatsika pafupifupi masentimita 70, ndiye pakhomo lolowera padzakhala masitepe anayi. Poti munanena kuti agogo adzakhala nanu, ndajambula njira yotsetsereka pang'onopang'ono kukhomo la m'mbali, yoti ngakhale njinga ya olumala ikhoza kukwera. Mitengo ikuluikulu ndi kapinga wobiriwirayo ndi za zaka zam'tsogolo. Tsiku lolandira makiyi pabwalo padzakhala dothi lofukulidwa ndi mbande zofika m'mawondo.

Kontirakitala sadzamanga poyang'ana chithunzi. Adzatsata mapulani osainidwa, a muyeso wa 1:100 ndi 1:50, mapulani a injiniya, ndi ndandanda ya zipangizo. Mtengo wakenso wawerengera pa zimenezo. Pakakhala kusiyana pakati pa chithunzi ndi pulani, yotsatidwa ndi pulani. Choncho chilichonse chimene mwachikonda pachithunzi, ngakhale chaching'ono ngati nyali ya pakhomo kapena mtundu wa chitseko, mundiuze kuti ndione ngati chili m'mapulani. Ngati mulibe, tikambirane ngati chingatheke, ndipo tikagwirizana tichilembe. Kusuntha zenera papepala ndi ntchito ya ola limodzi, koma khoma likamangidwa kumafuna kugumula.

Ndaphatikiza chithunzi chomwechija nditazunguliza ndi cholembera chofiira malo onse osiyana ndi pulani, pamodzi ndi zithunzi ziwiri zatsopano za khonde, china cha zipilala china chopanda. Zatsopanozi ndazitenga pa miyeso yeniyeni popanda zokometsera, ndiye zikuoneka zouma, koma mukhoza kuzidalira. Ndikupempha kuti tikumane pamalopo Loweruka m'ma 9 koloko m'mawa, dzuwa likuomba kumene kudzakhale kumaso kwa nyumba. Yankho la khonde ndilo likufunika msanga, chifukwa injiniya sangamalize pulani ya maziko asanadziwe ngati zipilala zilipo.

Ndine wanu,
Wojambula mapulani a nyumba yanu