Inki Yofiira

Nthawi inali itapitirira 11 koloko usiku pamene Tamanda adatulutsa pepala lija m'chikwama. Chilandirireni masana, adangosuzumira malikisi okha, 54 pa 100, n'kulipinda. Chisomo, mnzake wogona naye chipinda, anali atadzikulunga kale m'bulangete, poti chisanu cha Zomba mu Juni sichinyengerera munthu.

Funso linali lakuti: "N'chifukwa chiyani John Chilembwe adaukira atsamunda mu 1915?" Kumapeto aphunzitsi adalemba ndi inki yofiira: "Mwafotokoza bwino zomwe zidachitika, koma chifukwa chake simudatiuze. Konzani, mubweretsenso Lachisanu."

Mtima udamuwawa. Koma atabwerezanso kuwerenga ndemanga zonse modekha, adaona kuti si zofanana kulemera. Zambiri zinali za mpumiro ndi kalembedwe ka maina a mabuku. Izo adaziika pambali. Kupukuta chiganizo chomwe mawa uchifufuta n'kutaya nthawi.

Adatenga pensulo, ndipo pambali pa ndime iliyonse adalemba mzere umodzi wonena ntchito ya ndimeyo. Vuto lidaonekera poyera. Mwa masamba 6, awiri athunthu anali mbiri chabe: kukumana kwa Chilembwe ndi mmishonale Joseph Booth, ulendo wa ku Amereka mu 1897, kubwerera mu 1900 kudzayambitsa mishoni ku Mbombwe. Zoona zonsezo, koma zosayankha funso. Adadula mzere kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kulemba: "Ziganizo zitatu basi."

Pa tsamba 4, pomwe adangoti anthu ankadana ndi thangata, inki ija idafunsa: "Umboni uli kuti?" Apa adachedwapo. Akadayenera kutchula esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene anthu ankalima osalipidwa kuti akhale pamalopo, ndiponso kumene William Jervis Livingstone, woyang'anira esitetiyo, adawotcha matchalitchi a anthu a Chilembwe. Pa 23 Januwale, ndi Livingstone yemweyo amene adaphedwa. Nanga kalata ya Chilembwe ya mu Novembala 1914 yodandaula za anthu akuda ofera nkhondo ya azungu? Iyo ikufotokoza chifukwa chake zidaphulika nthawi imeneyo, osati gwero la mkwiyo.

Pa ndime yotsiriza panali muvi wolozera m'mwamba: "Yankho lanu ndi ili. Mwalibisiranji kumapeto?"

Adatsegula tsamba latsopano n'kuyamba: "Thangata ndi kulandidwa kwa malo ndizo zidakolezera mkwiyo, nkhondo ya 1914 idangofulumizitsa."

"Iwe, sugona kodi?" adang'ung'udza Chisomo.

"Ndikugona. Mawa ndikafufuza za Magomero kulaibulale, Lachitatu ndilemba, Lachinayi ndikonza mipumiro ndi mndandanda wa mabuku."

"Ndiye ulembanso yonse?"

"Theka lokha. Tandibwereka khadi yako yakulaibulale, yanga ili ndi ngongole."

"Ili m'thumba la jekete. Zimitsa getsilo."