Dongosolo la kafilimu kathu ka zidole: Nkhuku ya Agogo

A Tadala ndi a Mphatso, nali dongosolo lathu. Tidzajambulira kwathu ku Chilomoni, Loweruka kuyambira 2 koloko masana, n'kudzamaliza Lamulungu tikaweruka kutchalitchi.

Nkhani yake ndi yaifupi. Agogo ayanika mphale pamkeka n'kuyamba kuwodzera, nkhuku ikubwera monyang'ama kudzajompha, agogo akudzidzimuka n'kuigenda ndi chitsononkho. Masekondi 40 basi. Musawaderere: tizijambula chithunzi chimodzichimodzi tikusuntha zidole pang'onopang'ono, ndipo sekondi iliyonse ifuna zithunzi 12, zonse pamodzi 480. Chithunzi chilichonse chikatidyera theka la mphindi, ndiye kuti maola 4 tili chiweramire.

A Mphatso, zidole ndi zanu. Yambani ndi mafupa a waya wofewa, monga tinkapangira magalimoto tili ana, ndipo waya wa kumapazi atulukeko pang'ono kuti tizimubaya pakatoni chidole chisagwe. Thupi muumbe ndi pulasitisini. Dongo la kudambo limauma n'kung'aluka tikalipindapinda, choncho lidzangogwira ntchito pa nyumba ndi mtondo, zomwe siziyenda. Maso a agogo akhale a pepala, mitundu itatu: otseka, otsinzina pang'ono, ndi otong'ola. Tizingosinthanitsa. M'malo mwa mphale tidzamwaza mpunga wosweka, chifukwa mphale yeniyeni ingakule kuposa mutu wa nkhuku.

Pa kuwala ndi pomwe ndikupempha kuti tisamale kwambiri. Dzuwa limayenda, mitambo ya ku Michiru imadutsa nthawi iliyonse, ndipo filimu yojambulidwa ndi kuwala kotere imaphethiraphethira mpaka maso kuwawa. Mawindo tidzatseka ndi mabulangete. Nyale ndi imodzi, yotchaja ija, popeza magetsi akhoza kuthima tili pakati. Iime kumanzere, chapamwamba, ndipo kumanja tiimike pepala loyera kuti libweze kuwala pankhope ya agogo. Ikangoyamba kufooka tiime kaye, tiitchaje. Tonse tivale zakuda, chifukwa malaya oyera nawonso amabweza kuwala.

A Tadala, foni yanu tidzaimangirira pa njerwa ziwiri ndi mphira, n'kulemba ndi choko pomwe yakhala. Muikiretu pulogalamu yojambulira ya Stop Motion Studio, yomwe imaonetsa chithunzithunzi cha pomwe chidole chinali, muchotse zina kuti mukhale malo, ndipo muyatse Airplane mode kuti munthu asatiimbire. Kuwala ndi kuona kwa kamera tidzakhazikitsa kamodzi kuti zisamasinthe zokha. Pojambula tizidina batani la pachingwe cha zomvera m'makutu. Foni yeniyeniyo isakhudzidwe.

Ine ndizisuntha zidole, mamilimita awiri kapena atatu, kenako manja kunja, a Tadala adine. Tiyambe ndi nkhuku ikuyenda tisanatope, chifukwa ndiyo yovuta. Agogo akuwodzera adzabwera pomaliza.

Mawu tidzatepa Lolemba m'mamawa, nkhuku za aneba zikamatuluka m'khola. A Mphatso, bwerani ndi pulasitisini wotsala ndi kansalu ka chitenje cha agogo.