Chenjezo la kolera kwa anthu a kudoko ndi midzi yozungulira

Mafumu, makolo, asodzi, amalonda ndi nonse okhala m'dera lino,

Chidziwitso chino chikulowa m'malo mwa uthenga umene wakhala ukuyenda pa mafoni kuyambira Lolemba, wonena kuti mliri walowa ndipo anthu athawe. Musathawe. Zoona zake ndi izi: achipatala atsimikiza kuti anthu anayi a kudoko adwala kolera. Atatu achira ndipo ali kwawo. M'modzi akadali pa dripi ndipo akupezako bwino. Onse anayi anafika kuchipatala tsiku lomwelo limene anayamba kutsegula m'mimba, n'chifukwa chake ali moyo.

Kolera imapha msanga, izi sitikubisirani. Imatha madzi m'thupi, ndipo munthu wamphamvu amene anadzuka bwinobwino m'mawa akhoza kutisiya dzuwa lisanalowe. Ambiri a ife tikukumbukira mliri umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022, umene unatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno. Koma kolera imachizika. Pa anthu 100 amene alandira chithandizo pa nthawi yake, oposa 99 amachira.

Mukaona munthu akutsegula m'mimba mwa madzimadzi ngati otsukira mpunga, kaya akusanza kaya ayi, musadikire kuti kuche. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, mum'patse pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndipo munyamuke nthawi yomweyo, akumwa m'njira monse. Ngati m'nyumba mulibe Thanzi, thirani masupuni a tiyi 6 a shuga ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni osasefukira. Akasanza, dikirani mphindi 10 kenaka pitirizani. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Pa chipatala cha boma chithandizo cha kolera n'chaulere, usana ndi usiku. Tikukupemphani ndi mtima wonse kuti musayambe mwakhotera kukagula mapiritsi pa golosale kapena kukafuna thandizo kwina, pakuti maola otayika m'njira ndi amene amatilanda abale athu.

Matendawa amalowera pakamwa, kudzera m'madzi kapena chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu. Sauluka ndi mphepo, ndipo simungawatenge chifukwa chodutsa pakhomo pa wodwala. Mabanja anayi aja ndi anansi athu, musawasale. Munthu woopa kulozedwa chala amabisa matenda, ndipo matenda obisidwa amafika pa chitsime cha mudzi wonse.

Kuyambira lero madzi onse akumwa, kaya a m'nyanja, a pachitsime kapena a pamjigo, muziwawiritsa mpaka abwate, apo ayi muziwathira klorini kapena WaterGuard n'kudikira mphindi 30 musanamwe. Alangizi a zaumoyo akugawa klorini pa mijigo m'mawa uliwonse ndipo akusonyezani muyezo wake. Muzisunga madziwo m'chigubu kapena mu ndowa yovindikira, osaviikamo manja. Muzisamba m'manja ndi sopo mukachoka kuchimbudzi, mukasintha mwana thewera, komanso musanaphike kapena kudya, ndipo muzisamba mothirirana, osati m'beseni limodzi. Chakudya muzidya chikadali chotentha.

Abale athu asodzi, tikudziwa kuti mumagona pa nyanja ndipo zimbudzi za kudoko n'zochepa. Komabe madzi amene munthu wadzithandiziramo ndi omwewo ana athu amatunga m'mawa. Nyamulani chigubu cha madzi othira klorini ndi mapaketi a Thanzi m'bwato, ndipo mnzanu akayamba kudwala, tembenuzani bwato mubwerere kumtunda ngakhale usipa uli wochuluka.

Mogwirizana ndi mafumu, kugulitsa zakudya zophikaphika ndi thobwa pa msika wa kudoko kwayamba kwaimitsidwa. Msika weniweniwo ndi wotsegula, ndipo malonda a nsomba, ndiwo zamasamba ndi ufa akupitirira. Pakagwa maliro a munthu amene amatsegula m'mimba, dziwitsani alangizi a zaumoyo thupi lisanakhudzidwe. Iwo adzalikonza mwaulemu pamaso pa achibale, ndipo pa maliro otero pasaphikidwe chakudya. Tikudziwa kuti izi n'zowawa pa mwambo wathu, ndipo tikuzipempha chifukwa thupi limapatsirabe matendawa.

Muli ndi funso, imbani 929 kwaulere, kapena funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu. Uthenga wa pa foni wosachokera kwa azaumoyo musautumize kwa ena. Tidzakuuzani momwe zinthu zilili Loweruka m'mawa kudzera kwa mafumu, kaya odwala awonjezeka kaya ayi.

Ife anu,
Komiti ya zaumoyo ya m'dera lino, pamodzi ndi alangizi a zaumoyo