Zowerenga pokonzekera mayeso a katemera wa ana: ophunzira unamwino, chaka chachiwiri

Ophunzira nonse amene mukupita kukagwira ntchito m'zipatala za ku Kanyama, Chawama ndi Matero mu Lusaka, werengani izi musanabwere ku mayeso a Lachisanu. Mafunso ambiri achokera pa kasungidwe ka katemera, chifukwa ndandanda muli nayo kale pa khadi la mwana la kusikelo.

Ndandanda

Mwana akangobadwa amalandira BCG, woteteza ku chifuwa chachikulu, ndi madontho awiri a poliyo, OPV 0. Pa masabata 6, 10 ndi 14 amalandira OPV, PCV wa chibayo, ndi Penta, amene amateteza ku matenda asanu: difeteriya, chifuwa chokoka mtima, kafumbata, matenda a chiwindi a mtundu wa B ndi Hib, kachilombo koyambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi. Madontho a rota, oteteza ku kutsegula m'mimba, amayamba pa masabata 6. IPV, poliyo wobaya, amabwera pa masabata 14. Wa chikuku ndi rubela, MR, ndi pa miyezi 9 ndi 18. Vitamini A si katemera, koma amayamba pa miyezi 6 ndipo amalembedwa pa khadi lomwelo.

Mayi akachedwa kubweretsa mwana, musayambirenso ndandanda. Pitirizani pamene analekezera, bola pakati pa Penta ndi Penta wotsatira papite masabata 4. Ndipo musawakalipire. Mayi amene wachititsidwa manyazi pamzere sabweranso pa miyezi 18. Chimfine kapena kutentha thupi pang'ono si chifukwa chobwezera mwana.

Firiji

Pachipatala katemera amakhala pakati pa madigiri 2 ndi 8. Muziwerenga ndi kulemba pa tchati kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, Loweruka, Lamlungu ndi pa holide pomwe. Tchati cholembedwa 5 mwezi wonse ndi bolopeni imodzi ine sindichikhulupirira. Fridge-tag, kachipangizo koyeza kutentha m'firiji, imachenjeza kutentha kukapitirira madigiri 8 kwa maola 10, kapena kukatsika pansi pa -0.5 kwa ola limodzi.

Ambiri a inu mumaopa kutentha kokha, makamaka mu Okutobala. N'zoona, OPV sachedwa kuwonongeka ndi kutentha, ndipo BCG ndi MR amawonongekanso ndi kuwala. Koma kuzizira kopitirira ndiko kumatipha mwakachetechete. Penta, PCV, IPV, HPV wa khansa ya khomo la chiberekero, ndi Td wa kafumbata ndi difeteriya, akangouma ndi chisanu, basi atha ntchito, ndipo akasungunuka amaoneka bwinobwino ngati palibe chachitika. Musawagundanitse ndi khoma la firiji lozizira kwambiri. Musasunge katemera pa chitseko. Chakudya chanu, maheu ndi magazi opita kukayezedwa zisalowemo.

Magetsi akapita, monga tinazolowerera mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, musamatsegule firiji kuti muone ngati ikuziziritsabe. Lembani nthawi imene apita, uzani asisita oyang'anira, ndipo konzani bokosi lozizira kuti musamutse katemera kutentha kusanafike pa 8.

Kuona botolo lisanatsegulidwe

Onani tsiku lothera ntchito, kenako VVM, kachizindikiro kozungulira kokhala ndi kabokosi pakati. Kabokosi kakakhala koyera kuposa bwalo lake, gwiritsani ntchito. Kakafanana nalo kapena kuda kuliposa, botololo lisabayidwe, ngakhale tsiku lake lisanakwane. Limene layamba kuderako liyambe kugwiritsidwa ntchito. Kumbukirani kuti VVM imanena za kutentha kokha, za chisanu siidziwa.

Mukakayikira kuti Penta, PCV kapena Td anauma, yesani pokhutchumula. Tengani botolo lina la gulu lomwelo, muliumitse dala mpaka ligwire ayezi, lisungunuke, ndipo mulilembe kuti lisasokonekere. Khutchumulani onse awiri pamodzi, aikeni pa tebulo poyera. Lokayikitsalo likadikha mofulumira ngati louma dala lija, lawonongeka. Kuyesa uku sikugwira pa IPV.

Kupita kumakomboni

Mapaketi a ayezi ochoka mufiriza musawaike m'chonyamulira nthawi yomweyo. Ayaleni pa tebulo mpaka mukawagwedeza muzimva madzi akuti khuvukhuvu m'kati. Pofika, chonyamulira chikhale pamthunzi, mabotolo otsegula akhale pa siponji ya pamwamba. BCG ndi MR amasungunulidwa ndi madzi ake a kampani yomweyo, ozizira ngati katemerayo, ndipo amatayidwa pakatha maola 6 kapena ntchito ya tsikulo ikatha, chimene chayamba kufika. Lembani nthawi pa botolo. OPV ndi Td wotsegula angafike masiku 28 ngati wasungidwa bwino ndipo VVM ili bwino.

Yeserani kuyankha

1. Mwana wa miyezi 7 analandira BCG, OPV 0 ndi a masabata 6 okha. Mumupatsa chiyani lero, ndipo abwerenso liti?
2. Lolemba m'mawa mwapeza firiji ili pa -2. Fotokozani zimene muchite, motsatana.
3. Ana 240 analandira Penta 1, ndipo 204 Penta 3. Werengerani osiyira panjira ndi (Penta 1 − Penta 3) ÷ Penta 1 × 100, munene ngati apitirira 10 pa 100.