Mlingo wa C: chifukwa chake batire la 100Ah limatha msanga mukalikoka mwamphamvu

Kwa eni magolosale, malo oonetsera kanema, ometa tsitsi ndi asodzi amene mumagwiritsa ntchito mabatire a sola kuno ku Mangochi. Ambiri mumabweza batire kwa amisiri mukudandaula kuti ndi lachinyengo, chifukwa linalembedwa 100Ah koma latha ola limodzi lokha. Nthawi zina limakhaladi lowonongeka. Koma kawirikawiri vuto limakhala liwiro limene mukulikokera moto.

Pa batire pamalembedwa Ah, kutanthauza ma ampeya kuchulukitsa ndi maola. Mlingo wa C umayerekeza moto umene mukukoka ndi kukula kwa batirelo:

```
C-rate = I / Ah
```

Apa I ndi ma ampeya amene zipangizo zanu zikukoka. Pa batire la 100Ah, kukoka 100A ndi 1C, kukoka 50A ndi 0.5C, ndipo kukoka 5A ndi 0.05C. Pa kaselo ka 18650, kabatire kakang'ono ka lithiyamu kopezeka m'matochi ena, kolembedwa 2500mAh, 1C ndi 2.5A basi. Choncho 5A ndi katundu wopepuka kwa batire lalikulu, koma kwa kaseloko ndi 2C.

Tsopano yang'anani pafupi ndi 100Ah pa chikwangwani cha batire lanu. Mupeza C20, C10 kapena C100. C20 ikutanthauza kuti opanga anapeza 100Ah ija polikoka pang'onopang'ono kwa maola 20, pa 5A, mpaka voteji inatsika kufika pafupifupi 10.5V. Lonjezo lawo lathera pomwepo. Sanalonjeze kuti mudzapeza 100Ah pokoka 50A. Musasokonezenso C20 ndi 20C: C20 ndi kukoka kwa maola 20, pamene 20C ndi kukoka kokhoza kumaliza batire m'mphindi zitatu. Ndipo mabatire awiri akalembedwa 100Ah onse, lina pa C10 lina pa C100, lalikulu ndi la C10, chifukwa linapereka 100Ah likukokedwa mwamphamvu.

Zimene zimachitika m'kati ndi ziwiri. Choyamba mungachimvetse mukaganiza za chitsime chokumba mumchenga wa mumtsinje m'chilimwe. Mukamatunga ndi chikho pang'onopang'ono, madzi amasefukira m'chitsimemo osaphwa. Mukatunga ndi ndowa mothamanga, mumagunda pansi ngakhale mumchengamo madzi akadalimo. Mbale za mtovu za m'batire zili ndi timabowo tambirimbiri, ndipo asidi ayenera kulowa m'timabowomo kuti moto upangike. Mukakoka mwamphamvu, asidi wa m'timabowo amatha msanga kuposa mmene wina akulowera, ndipo pamwamba pa mbale pamayala utoto woyera wa salufeti umene umatsekereza njira. Voteji imagwa, inveta imalira n'kuzima, pamene m'kati mwa mbale muli mphamvu yosagwiritsidwa ntchito. N'chifukwa chake mukalisiya mphindi 30 n'kuyeza ndi mita, mumapeza labwerera pamwamba pa 12V. Silinadzitchaje lokha, asidi wangofalikiranso.

Chachiwiri ndi kukana kwa moto kumene kuli m'batire, m'mawaya ndi m'malo olumikizira. Tiyerekeze kuti zonse pamodzi ndi 0.02Ω, Ω kukhala muyeso wa kukanako. Pa 5A mumataya 0.1V yokha, ndipo kutentha kwake ndi 0.5W. Pa 50A mumataya 1V yathunthu, ndipo kutentha ndi 50W. Moto wakwera kakhumi, kutentha kwakwera ka 100. Mphamvu imeneyi, mosiyana ndi ya asidi ija, sibwereranso.

Wasayansi wa ku Jeremani, Wilhelm Peukert, anafotokoza khalidwe limeneli la mabatire a mtovu mu 1897. Masiku ano lamulo lake limalembedwa chonchi:

```
t = H × (Ah / (I × H))^k
```

t ndi maola amene batire likhale, H ndi maola a pa chikwangwani, ndipo k ndi nambala ya mtundu wa batire, imene pa mabatire a asidi imakhala pakati pa 1.1 ndi 1.3. Tikatenga batire la 100Ah pa C20 ndi k ya 1.2, pa 10A likhala maola 8 ndi mphindi 40, ndiye mwapezamo 87Ah. Pa 25A likhala pafupifupi maola atatu, 72Ah. Pa 50A likhala ola limodzi ndi mphindi 15, 63Ah. Pa 100A, mphindi 33 zokha, 55Ah. Batire likamakalamba k imakwera, ndipo manambalawa amaipiraipira.

Pomatchera usipa usiku, mababu asanu ndi limodzi a 10W amakoka 60W, imene pa 12V ndi 5A. Imeneyi ndi 0.05C, pamene batire limapereka zonse zimene linalonjeza. Koma batire lomwelo mukapita nalo pa golosale ku Makawa n'kulumikiza inveta yonyamula 500W, nkhani yasintha. Inveta imataya ina, tinene kuti imapereka 85 pa 100 iliyonse, ndiye batire likupereka pafupifupi 49A, kapena kuti 0.5C. Choipa china n'chakuti voteji ikamatsika, inveta imakoka ma ampeya ochulukirapo kuti 500W ija ikwanebe, ndiye mapeto amafika mofulumira. Simbi yamagetsi ya 1000W imalifikitsa pafupi ndi 1C. Filiji nayo imanyenga: ikamayenda imadya pang'ono, koma kompuresa ikamadzuka imakoka moto wochuluka kangapo kwa kanthawi, ndipo batire lotopa limagwa pomwepo.

Kumbukiraninso kuti manambala onsewa ndi ofikitsa batire pansi penipeni. Batire la asidi limene mukufuna likhalitse musamalipitirire theka, ndiye maola mwawerenga aja muwadule pakati. Kutentha kwa kuno kwa Okutobala ndi Novembala kumawonjezerako pang'ono mphamvu imene batire limapereka tsiku limenelo, koma kumalidya moyo. Opanga ambiri amayezera pa madigiri 25, ndipo kukwera kwa madigiri 10 kumatha kudula moyo wake pakati. Batire lotenthedwa kale ndi denga la malata, kenako n'kulikoka pa 0.5C, silingakhalitse. Liikeni pansi, pamthunzi, podutsa mphepo.

Chochita ndi kutsitsa mlingo wa C. Pa batire la asidi, yesetsani kuti moto wa nthawi zonse usapitirire 0.1C, ndipo 0.2C ikhale ya kanthawi. Mukalumikiza mabatire awiri ofanana mbali ndi mbali, + ku + ndi - ku -, 50A ija imagawika 25A lililonse, ndipo m'malo mwa ola ndi mphindi 15 mumapeza pafupifupi maola atatu, kuposa kuwirikiza kawiri. Akhale amtundu umodzi ndi amsinkhu umodzi, apo ayi lakale limakoka latsopano. Kusamukira ku 24V nakonso kumadula ma ampeya pakati. Waya wa pakati pa batire ndi inveta ukhale waufupi ndi wonenepa, monga 16mm² pa 50A, ndipo zomangira zikhale zolimba, zopanda dzimbiri loyera lija. Waya ukamatentha m'manja, ndiye kuti ukudya mphamvu yanu.

Mabatire a lithiyamu olembedwa LiFePO4 savutika kwambiri ndi zimenezi. k yawo ili pafupi ndi 1, choncho pa 0.5C amapereka pafupifupi zonse. Malire awo ndi BMS, kachipangizo ka m'kati koteteza batire: ngati inalembedwa 50A ndipo kompuresa yadutsa pamenepo, imadula moto mwadzidzidzi ngakhale batire lili lodzaza. Werengani nambala imeneyi musanagule.

Kuti mudziwe ngati batire la asidi la 100Ah ndi lowonongekadi, litchajeni lidzaze, lipume maola angapo, kenako lumikizani babu la galimoto la 55W, limene limakoka pafupifupi 4.5A. Yezani voteji ola lililonse babu likuyaka, ndipo pomwe yafika 10.5V imani, chulukitsani maola ndi 4.5. Mukapeza 80Ah kapena kuposa, batire lili bwino, vuto ndi katundu mwalisenzetsa. Likatha pasanakwane maola 10, ladwala. Mukamaliza litchajeni nthawi yomweyo, ndipo kuyeza kotere musakuchite pafupipafupi, chifukwa nakonso kumalitopetsa.