Zikomo chifukwa cha intavyu ya Lachiwiri

Okondedwa Mayi Banda,

Ndikuthokoza kwambiri inuyo, pamodzi ndi abambo awiri amene munali nawo aja, pondipatsa mpata wodzacheza nanu Lachiwiri za ntchito yoyang'anira nyumba yosungiramo mankhwala. Ndikuthokozanso kuti titamaliza munandiperekeza mpaka m'chipinda momwe mankhwalawo amakhala. Zimene ndinaona mmenemo zandithandiza kumvetsa bwino chimene mukufuna kwa munthu amene mumulembe.

Munanena kuti chimene chikukupwetekani mutu ndi mankhwala amene masiku ake akuthera pashelefu, pomwe kuwodi akudandaula kuti mankhwala omwewo sakuwafikira. Vuto limeneli ndikulidziwa, chifukwa ndi lomwe ndinalipeza pamene ndinkayamba ntchito imene ndikugwira panoyi zaka 4 zapitazo. Makatoni atsopano akabwera ankaikidwa kutsogolo poti ndi pamene panali pafupi, akale nkumakankhikira kukhoma mpaka kuiwalika. Ndinatenga masabata atatu ndikusanja shelefu imodziimodzi, kuti mankhwala amene masiku ake atsala pang'ono kutha azikhala patsogolo ndipo aziyamba ndi iwo kutuluka, kaya anafika dzulo kaya chaka chatha. Pakatoni iliyonse ndimalembapo mwezi ndi chaka ndi cholembera chakuda kwambiri, mbali imene munthu amaiona akangolowa. Kumayambiriro kwa mwezi ndimatulutsa mndandanda wa onse amene atsala ndi miyezi 6 kapena kuchepera apo nkuupereka kwa madokotala ndi anamwino, kuti ngati sitingawamalize tiwatumize kwina kumene akuwasowa nthawi ikadalipo. Ndinaona kuti mashelefu anu ndi otakasuka bwino, choncho dongosolo lomweli lingatheke popanda kugula chilichonse.

Pali funso limodzi limene ndikuona kuti ndinaliyankha mwachidule kwambiri, lija la zomwe ndingachite nditapeza kuti nambala yapakhadi ikusiyana ndi katundu amene ali pashelefu. Ndinangoti ndingawerengenso. Kuwerenganso ndi poyambira chabe. Ndikawerenga kachiwiri ndi mnzanga woti achitire umboni, ndimabwerera m'mapepala onse olandirira ndi otulutsira katundu kuyambira tsiku limene nambala zinagwirizana komaliza. Kawirikawiri mumapeza kuti wina anatenga usiku, wodwala ali pangozi, osalemba. Zikapezeka, ndimalemba mzere watsopano wofotokoza ndi kusainira. Nambala yakale sindifufuta. Zikapanda kupezeka ndimakudziwitsani tsiku lomwelo, ndisanaweruke. Pa mankhwala a anthu odwala sindibisa kuperewera ngakhale kutakhala kwa botolo limodzi.

Za furiji ya katemera, ndinakondwa kuona pepala lolembapo kazizidwe litamatidwa pachitseko. Inenso ndimalemba kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, kuonetsetsa kuti ili pakati pa madigiri 2 ndi 8. Ambiri amaopa kutentha kokha, koma kuzizira kopyola muyeso kumaononganso. Katemera wa kafumbata akangoundana ndiye kuti watha ntchito, ngakhale botolo likuoneka labwinobwino. Nchifukwa chake sindilola kuti aikidwe mogundana ndi khoma lamkati mwa furiji. Munatchula kuti Loweruka ndi Lamlungu pamasowa wolemba pepalalo. Nditapatsidwa ntchitoyi ndingakonze ndandanda ndi anamwino amene amagwira masiku amenewo, ndipo Lolemba lililonse ndizidzayamba ndi kuona pepalalo.

Monga ndinanenera, pulogalamu yapakompyuta imene mumagwiritsa ntchito sindinaigwirepo. Kaundula wathu ndimamusunga mu Excel, ndipo ndinamukonza ndekha kuti mzere uzisintha mtundu masiku a mankhwala akayandikira kutha. Ndikukhulupirira kuti yanuyo sindichedwa kuizolowera. Mutandilola, ndingabwere masiku angapo ndisanayambe ntchito kuti amene akuchokawo andionetse.

Ntchitoyi ndikuifuna ndi mtima wonse. Kumene ndili ndaphunzirako zambiri, koma ndi pamalo pang'ono, ndipo ndakonzeka kusenza udindo waukulu ngati wanuwu. Ndinaona mmene munaimira pakhomo kumufunsa namwino uja ngati madiripi amene anapempha anamufikira, ndipo ndinalakalaka kugwira ntchito pansi pa munthu amene amatsatira zinthu chotero.

Makalata a umboni awiri amene munapempha ndawaphatikiza ndi imelo ino. Kuntchito kwanga ndiyenera kupereka notisi ya mwezi umodzi, kotero ndingayambe pakatha masiku 30 kuchokera tsiku limene mungandidziwitse. Ngati pali china chimene mungafune kuti nditumize kapena ndifotokozenso, ndine wokonzeka kubweranso nthawi iliyonse imene ingakukomereni.

Mundiperekereko moni kwa abambo aja.

Ine wanu,
Tiyamike Phiri