Dokotala Phiri, wofufuza za chuku m'nshawa ndi m'chimanga

Ndine Dokotala Phiri, koma alimi amene ndimagwira nawo ntchito ku Katete ndi ku Petauke amangonditchula Naphiri. Ndine mphunzitsi wamkulu ku Sukulu ya Zaulimi ya Yunivesite ya Zambia, pa msewu wa Great East muno mu Lusaka. Kafukufuku wanga ndi wa afulatokisini, poizoni amene chuku chimasiya m'nshawa ndi m'chimanga, makamaka njira imene poizoniyo amayendamo kuchokera kumunda mpaka kufika m'phala la mwana. Digiri yoyamba ndinaitengera pa yunivesite yomweyi, ndipo ya masitala ndi ya udokotala ndinazichita pa matenda a mbewu. Ndisanayambe uphunzitsi ndinagwirako ntchito yothandizira ofufuza ku malo ofufuzira zaulimi a Msekera, pafupi ndi Chipata, komwe ndinaphunzira kuyang'ana nshawa ndi maso a mlimi.

Poizoniyu anadziwika m'chaka cha 1960, pamene nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku Mangalande zitadya chakudya chopangidwa ndi nshawa zochokera ku Brazil. Mu 2004 anthu 125 anamwalira ku Kenya atadya chimanga chachuku. Nafenso kuno tinadzidzimuka mu Ogasiti 2024, boma litalengeza kuti agalu pafupifupi 400 afa ndipo afulatokisini wapezeka mu ufa wina wa m'masitolo. Koma chimene chimandisowetsa tulo si imfa zodzidzimutsazo ayi. Ndi poizoni wochepa wodyedwa tsiku ndi tsiku, amene saoneka, samveka fungo, ndipo kuphika kapena kukazinga sikumuchotsa yense. Amayambitsa khansa ya m'chiwindi, makamaka kwa munthu amene ali kale ndi matenda a chiwindi a mtundu wa B, ndipo ofufuza ambiri amamupeza kumene ana akupinimbira.

Zolemba zanga zambiri zimene zinasindikizidwa m'magazini a sayansi zimatsata funso limodzi: kodi nshawa zimene zasankhidwa kuti n'zoipa zimapita kuti? Mayi akakhala pamphasa ndi lichero, zonona ndi zosalala amaziika m'thumba la wogula. Zofota, zosweka ndi zakuda amaziika pambali, koma sazitaya. Zimenezo ndizo zimasinjidwa kukhala nsinjiro zotendera ndiwo, zina zimalowa m'phala la ana, zina zimagulitsidwa motchipa kwa opanga chiponde. Ndinatsata matumba otere kuchokera m'midzi mpaka ku msika wa Soweto muno mu Lusaka, ndipo zimene tinkapeza mulabotale zinkagwirizana ndi zimene anzathu apeza ku Malawi ndi kwina: poizoni amachuluka m'zosankhidwazo. Ku Ulaya salola nshawa zodya zokhala ndi poizoniyu woposa mamaikulogalamu 4 pa kilogalamu, motero nshawa za wogula wakunja zimayezedwa, pamene za mwana wa mlimi palibe woziyeza. Pa zonse zimene ndalemba, ntchito imeneyi ndiyo ndimainyadira, ndipo ndimaona kuti malangizo ouza alimi kuti "sankhani nshawa" amakhala osakwanira ngati sanena chochita ndi zotsalazo.

Ndalembanso za chizolowezi chowaza madzi pa makoko kuti afewe pomenya nshawa. Mayi amene zala zake zatupa ndi kumenya tsiku lonse ali ndi chifukwa chomveka chochitira zimenezo, ngakhale kuti chinyonthocho ndicho chimadzutsa chuku. Kumudzudzula sikuthandiza, chimene chathandiza m'magulu amene timagwira nawo ntchito ndi makina omenyera apamanja ogwiritsa ntchito mosinthana. Zolemba zina ndi za chilala. Mvula ikadukiza nshawa zili pafupi kukhwima, nthaka imatentha, makoko amang'aluka, chuku n'kulowa mbewu zisanakumbidwe n'komwe. N'chifukwa chake nyengo ya 2023/2024, imene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti ndi tsoka la dziko lonse, ndiyo tikuifufuzabe mpaka pano. Mutu umodzi wa m'buku lophunzitsira alangizi a zaulimi ndinaulemba ndine, ndipo timapepala ta alimi ndimatilemba m'Chichewa.

Ndalama zoyendetsera ntchitoyi zimachokera mbali ziwiri. Ndikutsogolera ntchito ya zaka zitatu yothandizidwa ndi thumba la kafukufuku la boma, yoyerekeza njira zoumitsira nshawa: kuyanika pansi, kuyanika pathandala, ndi kuunjika mapesi mozungulira makoko atayang'ana m'kati kuti mphepo izidutsa pakati. Ndilinso m'gulu la ofufuza a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique lothandizidwa ndi bungwe lina la kunja. M'gululi ine ndimayang'anira mbali ya Aflasafe, mankhwala amene anapangidwa ndi bungwe lofufuza zaulimi la IITA. Ndi njere za mapira zopakidwa mtundu wa chuku umene sutulutsa poizoni. Mlimi amawaza makilogalamu 10 pa hekitala kutatsala milungu iwiri kapena itatu kuti mbewu zichite maluwa, ndipo chuku chabwinocho chimalanda malo a choipa. Kuti amagwira ntchito n'zodziwika kale. Funso langa n'lakuti mlimi angawagule bwanji ngati wogula pamsika amapereka mtengo umodzimodzi pa nshawa zabwino ndi zachuku. Pa pempho lililonse la ndalama limene ndimalemba ndimaikapo gawo lolipirira wophunzira wa masitala, ndiponso ulendo wobwerera kumudzi kukauza alimi zimene tapeza m'mbewu zawo. Munthu amene wakutapira nshawa m'nkhokwe yake ayenera kumva yankho kuchokera kwa iwe mwini.

Ndimaphunzitsa matenda a mbewu kwa a chaka chachitatu, kasamalidwe ka zokolola kwa a chaka chomaliza, ndi njira zochitira kafukufuku kwa a masitala. Anzanga ena amaona uphunzitsi ngati wodya nthawi ya kafukufuku, koma ine mafunso anga ambiri abwino ndawatola m'kalasi. Phunziro la zokolola limayambira kumsika: wophunzira aliyense amagula kambale ka nshawa kumene amakhala, kaya ku Kalingalinga, ku Mtendere kapena ku Matero, n'kuzisankha yekha, kuyeza chinyontho, kenaka kuyeza poizoni m'zabwino ndi m'zosankhidwa padera. Ambiri amaimbira foni kwawo madzulo omwewo. Mwa amene ndinawayang'anira pa masitala, ena ndi alangizi a zaulimi m'chigawo cha Kummawa, ena amayeza zakudya m'mafakitale, ndipo pa zolemba zochokera m'kafukufuku wawo dzina loyamba limakhala la wophunzira, langa pambuyo.

Kuwonjezera apo ndimaunika zolemba za ofufuza anzanga zisanasindikizidwe, ndimathandiza pa maphunziro a alangizi pamodzi ndi anzathu a ku malo ofufuzira zaulimi a Mount Makulu, ndipo nthawi yokolola ndimalankhula pa mawailesi a m'madera a Kummawa. Ndimagwira ntchito m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndipo Chibemba ndimamva.

Panopa ndikulemba za zimene tingachite ndi nshawa zosankhidwa kuti zisabwerere m'poto, makamaka kuyenga mafuta, popeza poizoni wambiri amatsalira m'zotsalira zake ndipo mafutawo akayengedwa bwino amakhala ndi wochepa kwambiri. Vuto latsala ndi zotsalirazo, chifukwa ng'ombe ikazidya poizoni amatulukira mumkaka. Ndikufuna ophunzira a masitala awiri oti agwire mbali imeneyi, makamaka odziwa Chichewa kapena Chinsenga ndiponso okonzeka kukhala kumudzi kuyambira Epulo mpaka Julayi, nthawi yokumba ndi kuumitsa nshawa. Ofuna andipeze ku ofesi yanga ku Sukulu ya Zaulimi Lachiwiri kapena Lachinayi masana.